Pamene 200 kuphatikiza 100 ikhala 44

Mukauza purosesa ya 6502 kuti iphatikize 200 ndi 100, yankho limene limatsala m'kati mwake ndi 44. Purosesayo siinawonongeke, ndipo amene anaipanga sanalakwitse masamu. Malo amene imawerengera, otchedwa A, amakwana mabiti asanu ndi atatu basi, ndipo nambala yaikulu kwambiri imene ingalowe m'mabiti amenewa ndi 255. Choncho 300 siingakwanemo. Imene imalowa ndi 44, pamene 256 yotsalayo imathera pa biti imodzi yapadera imene imakhala pambali, kudikira ngati wolemba pulogalamu angaifunse.

Biti yapaderayi ndi imodzi mwa mbendera za purosesa. Mbendera ndi biti imene imakhala 1 kapena 0 kutengera mmene sitepe ya masamu yangothera. Zitatu zimene wolemba pulogalamu m'chinenero cha asembule amakumana nazo tsiku ndi tsiku zimalembedwa C, Z ndi N. Mbendera ya C imanena za nambala yosungidwa, ya Z imanena za ziro, ndipo ya N imanena za nambala yochepera ziro, ngakhale kuti iyiyi, monga tione kutsogoloku, imalonjeza zambiri kuposa zimene imachita.

Ndasankha 6502 chifukwa ilibe zobisa. Inapangidwa ndi kampani ya MOS Technology ku America m'chaka cha 1975, ndi gulu limene ankatsogolera Chuck Peddle, ndipo inkagulitsidwa pa madola 25, mtengo wotsika kwambiri panthawiyo. Ndiyo inali m'makompyuta a Apple II ndi BBC Micro, ndipo abale ake anali mu Commodore 64 ndi m'makina a magemu a Nintendo. Malamulo ake ndi ochepa, manambala ake ndi aang'ono, moti munthu angathe kutsatira chilichonse ndi pensulo ndi pepala. Mbendera zomwezi, ndi zilembo zomwezi, zili mu purosesa za ARM zimene zili m'mafoni ambiri lero.

Nayi pulogalamu yonse imene yatipatsa 44:

```
CLC
LDA #200
ADC #100
```

Mzere woyamba ukutsitsa mbendera ya C kuti ikhale 0. Wachiwiri ukuika 200 mu A. Wachitatu ukuphatikiza 100 pa zimene zili mu A. Kuti tione zimene zachitika tiyenera kulemba manambalawa mmene purosesa imawaonera, m'mabiti. Biti ya kumanja kwenikweni imaimira 1, yotsatira 2, kenako 4, 8, 16, 32, 64, ndipo ya kumanzere kwenikweni imaimira 128.

```
   11001000    200
 + 01100100    100
 ----------
 1 00101100    300
```

Yankho lili ndi mabiti asanu ndi anayi, koma A amalandira asanu ndi atatu a kumanja okha, 00101100, amene ndi 32 kuphatikiza 8 kuphatikiza 4. Biti yachisanu ndi chinayi ija ndiyo imapita mu C. Aliyense amene anaphunzira samu zophatikiza ku pulayimale akudziwa kale zimenezi: 7 kuphatikiza 5 ndi 12, timalemba 2 n'kusunga 1 woti akalowe mu mzere wotsatira. Purosesa imachita chimodzimodzi pa biti iliyonse, kuyambira kumanja. Ikafika kumapeto, kumanzere, mzere wotsatira kulibe, ndiye 1 wosungidwa uja imamuika mu C. Ngati palibe chosunga, imaikamo 0. Onani kuti lamulo la `ADC` limalemba mu C nthawi zonse, kaya pasungidwa kanthu kaya ayi. Silisiya zakale mmenemo.

Mbendera zina ziwiri sizisamala za biti yachisanu ndi chinayi. Zimangoyang'ana mabiti asanu ndi atatu amene atsala mu A. Mbendera ya Z imafunsa funso limodzi: kodi onsewo ndi 0? Pa 00101100 pali ma 1 atatu, choncho Z ndi 0. Mbendera ya N nayo ntchito yake ndi yochepa kuposa pamenepa, chifukwa imangokopera biti ya kumanzere kwenikweni, ya 128 ija. Apa bitiyo ndi 0, ndiye N ndi 0. Zathera pamenepo: C=1, Z=0, N=0.

Tsopano sinthani 100 kukhala 56. Mukaphatikiza 200 ndi 56 mupeza 256, imene m'mabiti ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro asanu ndi atatu. Uja 1 apita mu C, ndipo mu A mutsala 00000000. Mbendera ya Z ikwera. Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ongoyamba kumene apa. Choyamba, Z imakhala 1 pamene yankho lili 0, ndipo imakhala 0 pamene yankho silili 0, zimene zimamveka zopindika mpaka munthu atazolowera kuiwerenga ngati "inde" ndi "ayi". Chachiwiri n'chakuti Z siikunena kuti masamu enieni apereka ziro. Manambala awiri aakulu ndithu aphatikizidwa, palibe chimene chachotsedwa, koma Z ikunena kuti ziro chifukwa ndi zimene zatsala mu A. Kuti musiyanitse ziro weniweni ndi 256 muyenera kuyang'ananso C.

Mbendera ya N ndi imene imafuna kufotokoza mofatsa. Yesani 100 kuphatikiza 50. Yankho ndi 150, lakwana bwinobwino m'mabiti asanu ndi atatu, choncho C ndi 0. Koma 150 m'mabiti ndi 10010110, ndipo biti ya kumanzere ndi 1. Mbendera ya N ikwera, ngati kuti manambala awiri oposa ziro abereka nambala yochepera ziro.

Chifukwa chake n'chakuti mabiti omwewo angathe kuwerengedwa m'njira ziwiri, ndipo purosesa siidziwa njira imene wolemba pulogalamu wasankha. M'njira yoyamba baiti imaimira 0 mpaka 255. M'njira yachiwiri theka la kumtunda limaperekedwa kwa manambala ochepera ziro: 0 mpaka 127 amakhala mmene alili, koma kuyambira 128 mumachotsa 256. Motero 255 amawerengedwa -1, 254 amakhala -2, ndipo 128 amakhala -128. Njirayi inasankhidwa chifukwa dera lamagetsi lomwelo limene limaphatikiza manambala wamba limaphatikizanso awa popanda kusintha kanthu: 255 kuphatikiza 1 imasiya 0 mu A, monga momwe -1 kuphatikiza 1 iyenera kuchitira. M'njira yachiwiriyi nambala iliyonse yochepera ziro ili ndi 1 kumanzere, ndipo N imakhala ndi tanthauzo. Munthu amene akuwerenga choncho adzaona 10010110 ngati -106. Amene akuwerenga zinthu zimene sizitsika kupitirira ziro, monga kuchuluka kwa zilembo m'chiganizo, kwa iye N ikungomuuza kuti yankho lafika 128 kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri alibe nayo ntchito. Purosesa imakweza mbendera zonse nthawi imodzi, zofunika ndi zosafunika zomwe. Kusankha yoti muikhulupirire ndi kwanu.

Tibwerere ku C, chifukwa siingonena zimene zachitika, imalowanso m'samu yotsatira. Purosesa ya 6502 ilibe lamulo lophatikiza losaganizira C. Lamulo la `ADC` nthawi zonse limaphatikiza zinthu zitatu: A, nambala imene mwapereka, ndi C. N'chifukwa chake tinayamba ndi `CLC`. Poyamba zimaoneka ngati chintchito chosafunikira, koma ndi njira imene purosesa ya mabiti asanu ndi atatu imawerengera manambala opitirira 255.

Tinene kuti tikufuna 1000 kuphatikiza 300. Nambala iliyonse imagawidwa m'mabaiti awiri, yapamwamba yowerenga ma 256 ndi yapansi yosunga zotsala. Mu 1000 muli ma 256 atatu ndi 232 wotsala. Mu 300 muli 256 mmodzi ndi 44 wotsala.

```
CLC
LDA #232
ADC #44
STA $10
LDA #3
ADC #1
STA $11
```

Mabaiti apansi ayamba: 232 kuphatikiza 44 ndi 276, ndiye mu A mutsala 20 ndipo C ikwera. Lamulo la `STA` likasunga 20 m'memore pa malo a `$10`, ndipo silikhudza mbendera iliyonse. Lamulo la `LDA` limasintha Z ndi N koma limasiya C mmene ilili, ndipo apa ndi pamene pagona zonse, chifukwa 1 wosungidwa uja ayenera kupulumuka mpaka pa `ADC` yachiwiri. Kumeneko 3 kuphatikiza 1 kuphatikiza C ikhala 5. Ma 256 asanu ndi 1280, kuphatikiza 20 ndi 1300.

Zolakwika za apa zili ndi zizindikiro zake. Munthu wosamala mopyola muyezo, amene waphunzira kuti `ADC` iliyonse imafuna `CLC` patsogolo pake, akaika `CLC` ina pakati apeza 1044, ndipo kupereweraku kumakhala 256 ndendende. Mukaona yankho laperewera ndi 256, kafufuzeni pamene C yatayikira. Amene waiwala `CLC` yoyamba vuto lake ndi loipa kwambiri, chifukwa nthawi zina apeza 1300 ndipo nthawi zina 1301, kutengera zimene lamulo lina lam'mbuyo linasiya mu C. Pulogalamu imagwira bwino poiyesa, n'kudzalakwa ndi 1 tsiku lina pamene yafika pamalopo kudzera njira ina.

Palinso msampha wa Z. Ikatha `ADC` yachiwiri, Z ikunena za baiti yapamwamba yokha. Mukaphatikiza 10 ndi 10 m'njira yomweyi, baiti yapansi ikhala 20, yapamwamba 0, ndipo Z ikwera ngakhale yankho lonse ndi 20. Mbendera ya C imanyamula uthenga kuchoka pa baiti ina kupita pa ina, koma Z imayamba mwatsopano pa lamulo lililonse. Olemba mapulogalamu amakonza izi posakaniza mabaiti awiriwo ndi lamulo la `ORA`, limene limapereka 0 pokhapokha onse awiri ali 0.

Kuchotsera ndi kumene anthu ambiri amagwa, ndipo sindiwaimba mlandu. Mu 6502 mulibe dera lapadera lochotsera. Lamulo la `SBC` limatenga nambala yochotsedwayo, n'kutembenuza biti yake iliyonse, 0 kukhala 1 ndi 1 kukhala 0, kenako n'kuphatikiza monga `ADC` imachitira, C ili momwemo. Kutembenuza mabiti a nambala kumapereka 255 kuchotsa nambalayo. Koma kuti masamu alondole pafunika 256 kuchotsa nambalayo, choncho pakusowa 1, ndipo 1 ameneyu amachokera mu C. N'chifukwa chake musanachotsere mumakweza C ndi `SEC`, m'malo moitsitsa.

```
SEC
LDA #5
SBC #3
```

Nambala 3 ndi 00000011, ikatembenuzidwa ndi 11111100, kapena kuti 252. Purosesa iphatikiza 5, 252 ndi 1, n'kupeza 258. Mu A mutsala 2, yankho lolondola, ndipo 256 ija ikweza C. Tsopano sinthanitsani manambalawo, muchotse 5 pa 3. Nambala 5 yotembenuzidwa ndi 250, ndipo 3 kuphatikiza 250 kuphatikiza 1 ndi 254. Siinafike 256, choncho C ndi 0. Mu A muli 11111110, N yakwera, ndipo wowerenga m'njira yachiwiri ija akuona -2.

Mwaona kupindikako. Pamene kuchotsera kwayenda bwino popanda kubwereka, C ndi 1. Pamene pafunika kubwereka, chifukwa nambala yochotsedwa ndi yaikulu, C ndi 0. Mukachotsa 5 pa 5 mupeza 256, kutanthauza kuti A ndi 0, Z ndi 1, ndipo C ndi 1 chifukwa palibe chobwereka. Amene waiwala `SEC` pamene C inali 0 apeza yankho loperewera ndi 1, popeza purosesa imaona ngati pali ngongole yochokera ku baiti yapansi.

Phindu la zonsezi limaonekera poyerekeza manambala. Lamulo la `CMP` limachotsera monga `SBC`, koma limataya yankho, A n'kukhala mmene analili, ndipo limangosiya mbendera. Silifunanso `SEC`, chifukwa limadziikira 1 uja lokha. Likatha, Z=1 ikutanthauza kuti manambalawo ndi ofanana, C=1 ikutanthauza kuti A ndi wamkulu kapena wofanana, ndipo C=0 ikutanthauza kuti A ndi wamng'ono. Kenako pamabwera lamulo lodumpha: `BEQ` limadumpha Z ikakhala 1, `BNE` ikakhala 0, `BCS` ndi `BCC` amayang'ana C, `BMI` ndi `BPL` amayang'ana N. Mawu onse akuti "ngati" amene mumalemba m'zinenero zapamwamba amatsikira ku zinthu ngati izi.

Taganizirani gemu imene ili ndi kamunthu koyenda pa sikirini, malo ake ochokera kumanzere akusungidwa m'baiti imodzi, 0 mpaka 255. Wolemba akufuna kuti kakafika pa malo ochepera 10 kagunde khoma. Iye aganiza motere: ndichotse 10, yankho likakhala lochepera ziro ndiye kuti kafika pakhoma. Ndiye alemba:

```
LDA $20
CMP #10
BMI khoma
```

Ayesa pa 5, zigwira: 5 kuchotsa 10 isiya 251, biti ya kumanzere ndi 1, N yakwera, pulogalamu yadumpha. Ayesa pa 50 ndi pa 100, zigwiranso, sikudumpha. Koma kamunthu kakayenda kumanja, kadutsa 137 bwinobwino, ndipo pa 138 kagunda khoma losaoneka pakati pa sikirini. Chachitika n'chakuti 138 kuchotsa 10 ndi 128, kapena kuti 10000000, ndipo N yachita ntchito yake mokhulupirika, yakopera biti ya kumanzere. Kuyambira 138 mpaka 255 yankho limakhala 128 kapena kupitirira, ndipo `BMI` imadumpha nthawi zonse. Chizindikiro cha cholakwika cha mtundu uwu n'chimenechi: zonse zimayenda mpaka kusiyana kwa manambala awiriwo kutafika 128. Kumbali inayo kulinso vuto. Mukayerekeza 10 ndi 200, yankho lotayidwalo ndi 66, N ndi 0, ngakhale 10 ndi wamng'ono koonekeratu.

Mankhwala ake ndi kusintha mawu amodzi, `BMI` kukhala `BCC`. Pa 138, C ndi 1 chifukwa palibe kubwereka, ndipo sikudumpha. Pa 5, C ndi 0, ndipo kudumpha kuchitika. Mbendera ya C siilakwa pa manambala a 0 mpaka 255 chifukwa imachokera pa biti yachisanu ndi chinayi, imene ili kunja kwa yankho, pamene N ndi gawo la yankho lodulidwalo. Ngakhale kwa amene akugwiritsa ntchito manambala ochepera ziro N payokha siikwanira, monga tinaonera pa 100 kuphatikiza 50. Iwo ali ndi mbendera yachinayi, ya V, imene imakwera yankho likadutsa malire a -128 mpaka 127, ndipo imawachenjeza kuti N ikunena zosemphana ndi zoona. Pa 6502 `ADC` ndi `SBC` amakhudza V koma `CMP` saikhudza, zimene zimapangitsa kuyerekeza manambala oterowo kukhala kwa mizere ingapo.

Mbendera sizikhalitsa. Lamulo lililonse lili ndi mndandanda wa mbendera zimene limasintha, ndipo buku la purosesa limaulemba pafupi ndi lamulolo. Mukaika `LDA` pakati pa `CMP` ndi `BEQ`, ndiye kuti `BEQ` ikufunsa za nambala imene mwangoikayo, osati za kuyerekeza kuja. Malamulo owonjezera kapena kuchotsa 1, monga `INX` ndi `DEX`, amasintha Z ndi N koma sakhudza C. Rejisita ya X ikakhala 255 n'kuchita `INX`, imabwerera pa 0, Z imakwera, koma C siigwedezeka, ndipo amene akudikira C kuti imuuze kuti X yadzaza adikira mpaka kalekale. Khalidweli lili ndi ubwino wake: mungathe kuphatikiza nambala ya mabaiti ambiri mobwerezabwereza, X ikuwerenga masitepe, C ikunyamula chosungidwa osasokonezedwa. Koma mukaika `CPX` m'katimo kuti muone ngati mwafika kumapeto, C yapita, chifukwa `CPX` ndi kuyerekeza, ndipo kuyerekeza kumalemba mu C. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene mapulogalamu ambiri a 6502 amawerengera chotsika ndi `DEX` kapena `DEY` mpaka pa ziro, n'kudumpha ndi `BNE`, popanda kuyerekeza kulikonse.

Purosesa za ARM zinapangidwa koyamba ku kampani ya Acorn ku Britain, yomwe inkapanga BBC Micro, ndi Sophie Wilson ndi Steve Furber, ndipo yoyamba inagwira ntchito mu 1985. Pochotsera, C yake imatsatira mwambo wofanana ndi wa 6502: 1 ngati palibe kubwereka. Kusiyana kwake n'kwakuti manambala ndi a mabiti 32 kapena 64, ndiponso wolemba amasankha ngati akufuna mbendera. Lamulo la `ADD` limaphatikiza osakhudza mbendera, pamene `ADDS` imazisintha, ndipo n'chimodzimodzi `SUB` ndi `SUBS`. Kuiwala chilembo chimodzi chimenecho kumachititsa kuti kudumpha kotsatira kudalire mbendera zakale.

Purosesa za x86, za Intel ndi AMD zimene zili m'makompyuta ambiri a m'maofesi, zinatenga njira ina. Mbendera zake zimalembedwa CF, ZF ndi SF, ndipo SF ndiyo N ya kumeneko. Pophatikiza zonse zimafanana ndi zimene taona. Koma pochotsera CF imakwera pamene kubwereka kwachitika, choncho 3 kuchotsa 5 imasiya CF=1, pamene 6502 ndi ARM zimasiya C=0. Purosesa za Z80 ndi Motorola 68000 zili mbali ya x86 pa nkhaniyi. Munthu amene akusamutsa pulogalamu kuchoka pa x86 kupita pa ARM, akaona `JC` pambuyo pa `CMP` ayenera kulemba `BCC`, osati `BCS`, ngakhale maso akumukokera ku lachiwirilo. Akalakwitsa, pulogalamu idzadumpha paliponse pamene siinayenera kudumpha ndi kukhala pamene inayenera kudumpha. Njira yopewera ndi kugwiritsa ntchito maina ena a malamulo omwewo, amene amanena tanthauzo m'malo mwa mbendera: `JB` pa x86 ndi `BLO` pa ARM onse amadumpha nambala yoyamba ikakhala yaing'ono, ngakhale woyambayo akudikira mbendera ili 1 ndipo winayo ili 0.